Kalata yochitira umboni mwana wa Sitandade 8 wofuna malo ku sekondale yapamwamba: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi amene makolo komanso aphunzitsi anzanga kuno ku Zomba amabwera nawo chaka ndi chaka ikangofika teremu yachiwiri, nde ndawaika pamodzi mmene ndimawayankhira. Ndikuyankha ngati mphunzitsi wa Sitandade 8, osati ngati ofesi iliyonse.

Kodi kalata ya ahedi ingapangitse kuti mwana asankhidwe ku sukulu ya boma yapamwamba?

Ayi, ndipo apa tigwirizaniretu. Mwana akalemba PSLCE, mapepala amachongedwa ndi MANEB, yomwe likulu lake lili konkuno ku Zomba, kenako Unduna wa Zamaphunziro ndi umene umapanga selekishoni potengera mmene mwana wakhozera. Okhoza kwambiri amapita ku masukulu otenga ana a dziko lonse, ena ku sekondale zogonera komweko kapena zoyendera za m'boma lawo, ambiri ku CDSS. Mu ndondomeko imeneyi mulibemo poti nkulowetsa kalata. Munthu akakuuzani kuti bweretsani kalata ya ahedi ndi kangachepe ndikakuyankhulireni kumtunda, ameneyo akufuna ndalama zanu basi.

Nanga nde kalatayi imagwira ntchito pati?

Pali makomo angapo amene munthu amakhala pansi nkuwerenga za mwana, osati kungoona malikisi.

Khomo lalikulu ndi la masukulu a mishoni othandizidwa ndi boma. Kuno tili nawo odziwika, St Mary's ya atsikana, Zomba Catholic ya anyamata yomwe aliyense amangoti Box 2, ndi Malosa ya mpingo wa Anglican. Masukulu a mtundu umenewu malo a Fomu 1 amagawana, ena amadzazidwa ndi selekishoni ya boma, ena eni sukulu amasankha okha, kawirikawiri kudzera m'mayeso awoawo olowera. Mayeso olowerawo ndi amene amalamulira, musaganize kuti kalata ingalowe m'malo mwake, koma fomu ikafunsa lipoti kapena ndemanga ya kusukulu kumene mwana akuchokera, kapena ana angapo akafanana malikisi malo atatsala ochepa, zimene mwalembazo zimawerengedwa. Sukulu iliyonse ili ndi kachitidwe kake ndipo kamasintha, nde pitani mukatenge fomu ya chaka chimenecho muone zimene akufuna musanayambe kulemba.

Makomo ena ndi sukulu zapulayiveti zimene zimasefa ana, seminale kwa anyamata ofuna njira imeneyo (kumeneko mawu a bambo mfumu a parishi ndi amene amalemera), ndi basale. Kunena zoona makalata ambiri amene ndimalemba amapita ku basale, kaya ya kukhonsolo kudzera ku ofesi yosamalira anthu, kaya mabungwe ngati CAMFED amene amathandiza atsikana, chifukwa mwana kusankhidwa nkwina, kukafika kusukuluko ndi matiresi, yunifolomu ndi thiransipoti nkwinanso.

Alembe ndani, ahedi kapena mphunzitsi wa kalasi?

Zamkatimo zichokere kwa mphunzitsi amene wakhala akuchonga makope a mwanayo, ahedi awerenge, asayine ndi kudinda chidindo cha sukulu. Ahedi a sukulu ya ana ochuluka sangamudziwe mwana aliyense kupitirira dzina ndi nkhope, nde akalemba okha zimatuluka zija zoti ndi mwana wakhalidwe labwino ndi wolimbikira. Kalata ya amfumu, ya khansala kapena ya amalume ogwira ntchito ku boma siyinena kalikonse za mmene mwana amaphunzirira, musavutike nayo pokhapokha fomu itaifuna, monga pa basale pamene amafuna umboni wa mmene zilili pakhomo.

Mwana wanga amakhala nambala 1 teremu iliyonse, zimenezo sizokwanira?

Nzabwino, koma taganizirani munthu amene akuwerengayo. Patebulo pake pali mafomu mulu ndipo pafupifupi mwana aliyense mmenemo ndi nambala 1, 2 kapena 3 kusukulu kwawo. Nambala 1 wa ku Matawale, nambala 1 wa ku Chingale, nambala 1 wa pa Chisi, onse alemba mayeso osiyana, ochongedwa ndi aphunzitsi osiyana, wina wowolowa manja wina wouma. 85 ya sukulu ina ikhoza kukhala 60 ya sukulu ina. Nde nambala payokha siyimuuza kanthu.

Chimene chimapatsa nambala mphamvu ndi zoizungulira. Lembani kuti nambala 1 mwa ana angati, kwa materemu angati otsatizana, ndipo wachiwiri amamusiya ndi malikisi angati. Kenako ikani zotsatira za mayeso amene sanakonzedwe ndi inu, makamaka moko ya zoni kapena ya boma lonse, chifukwa pamenepo mwana wapikisana ndi ana a masukulu ena pa pepala limodzi. Mwana amene ndi nambala 1 pasukulu koma wa 40 pa zoni ndi nkhani ina, amene ndi nambala 2 pasukulu komanso wa 3 pa zoni ndi nkhani inanso, ndipo wachiwiriyu ndi amene ndingamulembere kalata yamphamvu. Ikaninso malikisi a phunziro lililonse padera, osati thotolo yokha. Owerenga ambiri maso awo amathamangira pa Chingerezi ndi Masamu, poti ku Fomu 1 pafupifupi chilichonse kupatula Chichewa chimaphunzitsidwa m'Chingerezi, ndipo thotolo yaikulu ikhoza kubisa Masamu ofooka amene akwiriridwa ndi maphunziro oloweza.

Umboni wina woposa malikisi nde uti? Tikaupeze kuti?

Uli m'kalasi momwemo, kungoti sitiuona ngati umboni. Lamulo langa ndi limodzi: chilichonse chimene ndalemba m'kalata, munthu atabwera kusukulu nkuti tandionetsani, ndithe kutsegula kabati nkumuonetsa.

Koyamba ndimatenga makope. Osati kope laukhondo lolembamo manotsi, limenelo limangoonetsa kuti mwana amakopera bwino pa bolodi. Ndimafuna kope la Masamu momwe muli zolakwa ndi makolekishoni. Pali ana amene akalakwa samu amangokopera yankho lolondola pansi pake, pali ena amene amabwereza samu yonse kuyambira pamwamba mpaka apeze pamene anaphonya, mwina nkulemba m'mphepete kuti apa ndinaiwala kusintha masentimita kukhala mamita. Mwana wachiwiriyu ndi amene akalimbe ku sekondale komwe mphunzitsi sakhala pambali pake madzulo nthawi ya pulepu. Kenako chimangirizo cha Chingerezi. Tengani chimodzi cha kumayambiriro kwa Sitandade 7 ndi china cha posachedwapa, zolembedwa m'kalasi inu mukuona osati za kunyumba zomwe achemwali ake akhoza kumuthandiza, mumate mafotokope a zonse ziwiri ku kalatayo. Wowerenga aona yekha mtunda umene mwana wayenda, inu simufunikanso kunena kuti akupita patsogolo.

Chachiwiri ndi rejisita. Anthu amaipeputsa koma ndi pepala lokhalo limene limalembedwa tsiku ndi tsiku popanda wina kuganiza zoti lidzakhala umboni. Werengani masiku amene sukulu inatsegulidwa, masiku amene mwana anabwera, ndipo ngati pali mpata waukulu fotokozani chifukwa chake. Kwa ana a kumunsi cha ku Chilwa, kubwera kusukulu mu Januwale ndi Febuluwale madambo atadzaza ndi nkhani yoti ilembedwe.

Chachitatu ndi zimene mwana amachita popanda kutumidwa komanso zimene anzake amamudalira nazo. Apa mpamene makalata ambiri amagwera m'mawu opanda kanthu. "Ali ndi mtima wautsogoleri" sizitanthauza kalikonse. Kukhala monita nakonso sikokwanira, nthawi zina timasankha monita chifukwa ndi wamkulu thupi ndipo anzake amamuopa. Lembani chimene anachita, liti, kangati pa sabata, ndi ana angati, ndipo chinatsatira nchiyani. Ngati anapikisanapo pa mafunso a zoni, mpikisano wa masipelo kapena mtsutso, tchulani teremu yake ndi pamene anafika, satifiketi ikhalepo ngati ilipo. Ngati ndi wobwereka mabuku, buku lolembamo obwereka lili ndi dzina lake ndi madeti, werengani.

Tatipatsani chitsanzo cha kalata yeniyeni, zikuoneka bwanji zikaikidwa pamodzi?

Tiyerekeze, ichi nchitsanzo chongopanga kuti muone kayalidwe kake. Mtsikana wa zaka 13 wa sukulu ina cha ku Jali akufuna malo a mbali ya eni sukulu ku sekondale ya mishoni, komanso basale. Kalata imene aphunzitsi ambiri angalembe ndi iyi: ndi mwana wanzeru, waulemu, woopa Mulungu, wolimbikira, amakhala nambala 1, chonde muthandizeni. Mizere inayi, chidindo, basi. Zonsezo nzoona koma mutafufuta dzina lake nkuikapo la mwana wina kalatayo ingakhalebe yoona, nde ntchito yake palibe.

Tsopano yomweyo titatsegula kabati. Kalata yeniyeni nthawi zambiri imalembedwa m'Chingerezi, apa ndikuika mfundo zake m'Chichewa.

Ndime yoyamba inene kuti ndinu ndani ndipo mwanayo mwamudziwa bwanji: "Ndamuphunzitsa Masamu ndi Chingerezi mu Sitandade 7 ndi 8." Izi zimauza wowerenga kuti mawu anu awalemeretse bwanji.

Ndime yachiwiri, malikisi ndi zowazungulira: "M'kalasi ya ana 94 wakhala nambala 1, 2, 1 ndi 1 m'materemu anayi apitawa. Pa moko ya zoni anali wa 4 mwa ana 610, Masamu 82, Chingerezi 71, Sayansi 78."

Ndime yachitatu ndiye mtima wa kalata, zinthu ziwiri kapena zitatu zimene munaziona ndi maso. "Teremu yoyamba ya Sitandade 8 anapeza 5 pa 20 pa tesiti ya maperesenti a phindu ndi kuluza. Patatha sabata anabweretsa kope momwe anabwereza samu zonse 20 ndi zina 12 zimene anadzipangira yekha pogwiritsa ntchito mitengo ya mpunga umene mayi ake amaoda ndi kugulitsa pamsika. Anapeza yekha kuti ankagawa phindu ndi mtengo wogulitsira m'malo mwa mtengo woodera. Tesiti yobwereza anapeza 18. Masamba a kopelo ndawamata." Kenako: "Kuyambira teremu yachiwiri, Lachiwiri ndi Lachinayi tikaweruka amatsala ndi atsikana anzake 6 kubwereza Masamu pansi pa mtengo. Sindinamutume. Anayi mwa iwo anali kulephera Masamu, pa moko atatu anakhoza."

Taonani kuti mawu oti wanzeru kapena wolimbikira sanatulukemo, koma wowerenga wawapeza yekha. Ndipo nkhani ya 5 pa 20 ija ambiri angaichotse poopa kuti ikumuyalutsa mwana, chonsecho ndi imene ikugwira ntchito yaikulu m'kalata yonse, chifukwa ikuonetsa chimene mwanayu amachita zinthu zikamuvuta.

Ndime yachinayi, rejisita ndi za pakhomo mwachidule: "Teremu yachiwiri anabwera masiku 58 mwa 62, amayenda makilomita pafupifupi 5 kupita kokha. Masiku anayi anajombawo mtsinje unali utadzaza." Yachisanu, chofooka chimodzi ndi chimene chikuchitika nacho. Yomaliza, chiganizo chimodzi chonena mosabisa kuti mukumuika pati poyerekeza ndi ana ena amene mwawaphunzitsa, ndi nambala ya foni ya sukulu kuti afunse. Zonsezi zikwane tsamba limodzi, likachuluka limodzi ndi theka.

Chofooka chija tilembedi? Si kumuphera ufulu mwana kumeneko?

Lembani, koma chimodzi, chenicheni, komanso chimene chingakonzeke. Mtsikana wa chitsanzo uja mwachidziwikire Chingerezi cholemba ali bwino koma choyankhula chimamuvuta, ngati ana ambiri a kumudzi amene Chingerezi amachimva m'kalasi mokha. Mukalemba kuti amayankhula Chingerezi mosadodoma kenako pa intavyu angoti zii maso pansi, wofunsayo sakayikira chiganizo chimenecho chokha, akayikira kalata yonse mpaka malikisi amene, ndipo chaka chamawa akaona chidindo cha sukulu yanu akumbukira. Koma mukalemba kuti amalemba bwino kuposa mmene amayankhulira, amachedwa kuyamba koma akapatsidwa mpata amayankha zolondola, mwamuthandiza, chifukwa wofunsayo amudikira pang'ono.

Zimene simuyenera kulemba ndi zachinsinsi zosakhudza maphunziro. Matenda a mwana kapena a makolo ake, mikangano ya m'banja, zimenezo sizilowa popanda makolo kapena omulera kuvomereza, ndipo ngakhale avomereze dzifunseni ngati zikufunikadi.

Nanga za umphawi, kuti ndi wamasiye, zimathandiza?

Zimatengera khomo. Ku basale ndi nkhani yaikulu ndipo amafuna zenizeni: akukhala ndi ndani, pakhomo pali ana angati, ndalama imachokera kuti, ndipo amayi a gulu loona za atsikana pasukulu kapena komiti ya sukulu angachitire umboni. Ku sukulu yosankha ana potengera nzeru, chisoni sichipereka malo. Kumeneko za pakhomo zilowe ngati zikuthandiza kumvetsa malikisi. Mwachitsanzo ana amene anali kusukulu mu Malichi 2023 nthawi ya namondwe wa Freddy, masukulu kuno kummwera anatsekedwa ndipo ena anasanduka misasa ya anthu othawa madzi, nde ngati lipoti la mwana likuonetsa kutsika pa teremu ya vuto ngati limenelo, chiganizo chimodzi chofotokoza nchokwanira. Kalata imene ndime zitatu zonse ndi madandaulo imamuphimba mwanayo, wowerenga amamaliza akudziwa mavuto a banja koma osadziwa ngati mwana amatha long'i divishoni.

Mwana anabwereza Sitandade 8, tinene?

Nenani. Nzodziwika kuti ana ena amabwereza dala atakhoza kale pofuna sukulu yabwinopo, ndipo nambala 1 wa mwana amene akuona silabasi kachiwiri siyofanana ndi ya amene akuiona koyamba. Owerenga ozolowera amazindikira poona msinkhu ndi malipoti a zaka zam'mbuyo. Bola munene nokha ndi chifukwa chake kusiyana nkuti azitulukire.

Zimene zimagwetsa kalata yabwinobwino ndi ziti?

Yoyamba ndi dzina. Pa lipoti la sukulu mwana ali ndi dzina la bambo ake, ku MANEB analembetsa la agogo kapena la amalume amene akumulera, pa kalata ya ubatizo masipelo ena, chaka chobadwa chikusiyananso. Zimenezi kuno nzochuluka zedi ndipo si chinyengo nthawi zambiri, koma kwa munthu amene sakumudziwa mwanayo zimaoneka ngati ana awiri. Gwiritsani dzina ndi masipelo amene ali pa kalembera wa MANEB paliponse, ndipo ngati malipoti akale ali ndi dzina lina, ahedi alembe chiganizo chotsimikiza kuti ndi mwana mmodzi yemweyo.

Ina ndi makalata ofanana. Sukulu imodzi itumiza ana asanu, makalata onse asanu mawu amodzimodzi kungosintha dzina, penanso nkuiwala kusintha mawu osonyeza kuti ndi mnyamata kapena mtsikana. Onse asanu amathera limodzi.

Palinso malikisi a m'kalata osagwirizana ndi a pa lipoti lomwe mwamata, kaya chifukwa chokweza dala kaya kungolemba za pamtima. Musalembe nambala iliyonse musanaione pa pepala. Lipoti lofufutafufuta nalonso limakayikitsa, ngati panalakwika ahedi asayine pambali pa pokonzedwapo. Ndipo fotokope iliyonse, ya lipoti, ya moko, ya masamba a kope, idindidwe ndi kusayinidwa kuti ikufanana ndi yeniyeni. Zenizenizo musapereke, mwana adzazifuna kwina.

Ndili ndi ana awiri okhoza mofanana, ndilembere onse?

Lemberani onse, aliyense ndi umboni wakewake, ndipo musalembe mwa onse awiri kuti ndi mwana wokhoza kuposa onse amene ndawaphunzitsa, makalatawo akawerengedwa ndi munthu mmodzi. Sukulu ikakufunsani kuti musankhe mmodzi, musasankhe nokha, khalani pansi ndi ahedi ndi aphunzitsi ena a Sitandade 8, makope ndi rejisita zili patebulo, mulembe chifukwa chimene mwasankhira. Zimakutetezani mawa makolo a winayo akabwera. Mmodzi mwa anawo akakhala wanu kapena wachibale, kalatayo alembe mphunzitsi wina.

Ife makolo tingachitepo chiyani, ndipo tiyambe liti?

Yambani Sitandade 7 isanathe. Sungani malipoti onse mu pepala la pulasitiki, makope akatha musayatsire moto kapena kukulungira mandasi, makamaka a Masamu ndi Chingerezi. Mukapita kukapempha kalata, tengani fomu ya sukulu imene mukufunayo kuti aphunzitsi aone zimene zafunsidwa ndi tsiku lotsekera, ndipo apatseni masabata awiri, chifukwa kalata yopemphedwa mmawa kuti ikhale itatha masana imatuluka ya mizere inayi ija. Auzeninso aphunzitsi zimene sangazione kusukulu, monga kuti mwana ndi amene amawerengera agogo ake makalata a kuchipatala kapena amalemba mabuku a banki mkhonde ya amayi ake, iwo aona ngati zikulowa.

Kalata simulipira. Mukhoza kulipira fotokope ndi kutayipitsa basi. Wina akakutchajani kalata yeniyeniyo kauzeni komiti ya sukulu kapena a PEA, alangizi oyang'anira masukulu a pulayimale, ku ofesi yawo ku TDC ya zoni yanu.

Mwanayo aione kalatayo?

Masukulu ena amafuna ifike yomatidwa mu envulopu yodindidwa, nde tsatirani zimenezo. Koma mfundo zake mwana azidziwe, chifukwa pa intavyu mafunso amachokera mmenemo. Ngati mwalemba za samu za mpunga zija, ayembekezere kuti wina amufunsa kuti thumba looda K40,000 nkugulitsa K46,000 phindu lake ndi maperesenti angati, ndipo athe kunena kuti 15 komanso kufotokoza kuti wagawa K6,000 ndi K40,000 osati K46,000. Musamuloweze mayankho, mungomuuza kuti atenge kope lija popita ndipo alitsegule akafunsidwa.